Uthenga wa Chiliza cha Bambo a Ana Anga

Amuna anga anaikidwa m'manda a mu tauni muno, osati kwawo ku Mzimba. Ananena okha ali m'chipatala, ine ndili pomwepo ndi akulu awo, kuti tisavutike ndi ulendo wautali, tiwagoneke kuno ku Lilongwe komwe anakhala zaka zawo zonse za ntchito. Akulu awowo, alamu anga, anavomera chifukwa mawu a wodwala sakanidwa. Koma ndinaona kuti anavomera ndi pakamwa pokha. Anthu a kwawo amakonda kuti munthu akagone pafupi ndi makolo ake. Maliro atatha, alamuwo akukwera basi, anandigwira dzanja nati, "Mlamu, za chiliza tidzakambirana." Ananena zomwezo basi.

Kubanja kwa amuna anga zimayenda chonchi. Chiliza chikamangidwa amachiphimba ndi nsalu yoyera, ndipo wochotsa nsaluyo ndi wamkulu wa banja. Tsiku lomwelo ndi pomwe iye amauza azilongo ake kuti amuvule mkazi wamasiye duku lakuda. Ine ndine wa ku Dowa, kwathu timachita mosiyanako, koma ndinakwatiwa kumeneko ndipo ndinatsata zawo. Ndinavala duku langa osadandaula. Ndinkagulitsa nalo mandasi ndi nyemba pa benchi panga ku Area 25, ndinkapita nalo kutchalitchi. Koma chaka chitatha mtima unayamba kufuna kuti mwambowo uchitike, amuna anga akhale ndi mwala wolembedwa dzina, inenso mutu upume. Popanda alamu, zonsezi sizikanatheka.

Mwana wanga woyamba amawotcherera zitsulo ku Biwi. Ndi bambo wa ana awiri, wolimbikira, ndipo amandikonda. Ndi iye anapeza womanga, ndi iye anakaona mwala. Tsiku lina, ali ndi chimwemwe choti zinthu zayenda, analemba uthenga pa gulupu ya pa foni yomwe ali ndi asuweni ake ndi abale ake a msinkhu wake. Ine kuwerenga ndimachita kugwiragwira, ndinalekera sukulu panjira, ndiye uthengawo anachita kundiwerengera pambuyo pake zinthu zitavuta kale. Unali woti: "Mafana, chiliza cha madala tikupanga Loweruka loyamba la Okutobala. Pulani yonse tamaliza. Amene akubwera anene fasti. A kumudzi tingowauza."

Kwa anzakewo uthengawo unali bwinobwino. Anayankha kuti shapu, zili bho. Koma mtsikana wina wa kubanjako, pofuna kuthandiza, anautenga momwe unalili n'kuuponya pa gulupu ina, ya banja lonse, momwe muli alamu ndi azakhali. Alamu anauwerenga. Anangotuluka pa gulupupo. Madzulo ake mlongo wawo wina anandiimbira foni, nati achimwene akuti popeza pulani yatha ndipo a kumudzi ndi ongouzidwa, ana achotse okha nsaluyo.

Mwana wanga anabwera m'mawa mwake nkhope ili pansi.

"Amayi, ine sindinawalembere iwowo. Unali wa ife tokha."

"Ndikudziwa," ndinatero. "Koma wafika."

"Ndiye tipange iwiri. Wina wa akuluakulu, waulemu, mulankhule inuyo. Wina wa ife ndilembenso ine."

Ndinakana. Ndinali nditaona kale kuti foni ilibe mpanda. Zomwe wauza ana zimafika kwa akulu, zomwe wauza akulu ana amazimvanso, ndipo akafananitsa n'kupeza kuti zasiyana amati mayi uja ali ndi pakamwa pawiri. Ndinamuuza kuti ukhala umodzi, wolankhula ine ndi mawu anga, woti aliyense akaumva asamve kuti wamvera za eni ake.

Ndinaganiza kuti n'zosavuta. Ndinalowa kuchipinda, ndinadina pomwe anandionetsa, n'kuyamba kulankhula monga ndikanalankhulira nditafika pakhomo pa alamu. Ndinapereka moni kwa iwo, kwa akazi awo, kwa azakhali mmodzimmodzi. Ndinafunsa za kumunda, za ng'ombe, za mwendo wa alamu womwe umawavuta nthawi yozizira. Ndinathokoza chifukwa cha maliro. Ndinafotokoza mmene chaka chayendera. Nkhani ya chiliza ndinaifika kumapeto, moizungulira, osatchula tsiku.

Nditatuluka ndinamupatsa mwana wanga kuti amvere. Anamvera pang'ono, kenako ndinaona chala chake chikukankha kamzere ka uthengawo pa foni kupita kutsogolo.

"Ukutani?"

"Ndikufuna pomwe pali nkhani." Anakankhanso. "Amayi, apa mudakali pa ng'ombe. Nkhuku mwazisiyiranji? Zidandaulatu."

"Usandiseke."

"Sindikuseka. Koma ndikuuzeni zoona, pa gulupu palibe wa msinkhu wanga angafike kumapeto. Aona kutalika kwake, anena kuti ndimvera ndikaweruka, basi waiwalika. Ena aganiza kuti ndi ulaliki umene anthu amatumizirana uja. Ndiponso tsiku mulibemo. Msuweni wanga wa ku Blantyre uja akapempha bwanji kuntchito?"

Ndinaona kuti akunena zoona. Achinyamatawo ndinkawafunanso. Ndi iwo odzanyamula mchenga, odzaphika, odzatenga okalamba ku depoti. Kuposa apo, ndi bambo awo, ndi amalume awo. Ndinabwereranso kuchipinda n'kulankhula mwachidule. Ndinati moni nonse, chiliza tichita tsiku lakuti, chonde bwerani, zikomo.

Uwu ndinapita nawo kwa aneba anga a kuseri. Ndi mayi wachikulire wa ku Rumphi, anagwira ntchito yokolopa m'chipatala mpaka kupuma, pano amaweta nkhuku zoyera zogulitsa. Ndimawatchula kuti amama. Pakamwa pawo sipachedwa, koma nthawi ya maliro ndi iwo anagona nane pamphasa mpaka anthu onse atabalalika. Ndinawapeza akutsuka zomwera nkhuku. Anapukuta manja, anaika foni kukhutu, kenako anandiyang'ana.

"Watha?"

"Watha."

"Aneba, mukuitana alamu anu kapena mukulengeza kuti mawa madzi asiya?"

Ndinaseka ngakhale mtima unali wolemera. Ndinawafotokozera zonse, za uthenga wa mwana wanga, za woyamba wautali uja. Anati ndimuitane mnyamatayo Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, tikhale pansi atatu.

Tinakhala pakhonde panga masana a Lamulungu limenelo, mwana wanga pa mpando wa bambo ake, amama pa kampando kanga ka pa benchi, ine pakati. Tinagwirizana kuti ndizinena mawu pang'onopang'ono, aliyense akamva pomubaya anene.

Ndinayamba ndi moni. Amama anati moni sachotsa, ndipo alamu atchulidwe poyamba, paokha, kenako azakhali. Mwana wanga anati chabwino, koma ng'ombe zitsale.

"Ng'ombe adzafunsa akadzaimba foni," anatero amama. "Koma iwe, ukufuna mayi ako alowe m'nyumba ya eni osaodira?"

"Aodire, amama. Koma akangoodira anene chomwe abwerera. Ife tikamva kuti ndi za chiliza timvera mpaka kumapeto."

Amama anaganiza, nati zimenezo sizolakwika, ngakhale kumudzi munthu wobwera ndi nkhani yaikulu amanena msanga kuti ndabwera ndi nkhani, anthu n'kukhala pansi. Ine ndinaonjeza changa. Ndinati anawo ndiwatchulanso, ndinene kuti ana anga nonse, a kuno ndi a kutali. Sindinafune kunena kuti ndi ena onse, ngati ndi anthu ongodutsa.

Kenako tinafika pa mawu onena za imfa. Ine ndinali nditanena kuti chatha chaka chimwalirireni. Amama anati si mawu oipa, koma kwa munthu amene anabadwa naye mimba imodzi ndi owuma, akumveka ngati a pa kalata ya kuchipatala. Anati ndinene kuti anatsikira kuli chete.

Mwana wanga anagwira pakamwa. "Amama, amenewo ndi a pa wailesi. Asuweni anga akamva aziti amayi akuwerenga nkhani za m'dziko muno."

"Nanga inu mumati chiyani? Paja mumati anatsamaya, ngati nkhuku yanga yomwa madzi oipa."

"Ayi, amenewo sitinganene kwa madala."

"Wayambanso madala."

Tinakhazikika pa mawu oti anatisiya. Amama anati ndi ofewa mokwanira. Mwana wanga anati amenewo aliyense amawanena, sakumveka achikale.

Za madala zija zinatitengera nthawi. Mwana wanga analimbikira kuti kwa iwo si chipongwe, bambo ake ankawatchula choncho ali moyo ndipo ankayankha akuseka. N'zoona, ndinkamva ndekha. Amama anati zimenezo zinali za m'nyumba muno, koma alamu akamva mng'ono wawo akutchedwa madala amaona ngati mwana akunena za munthu wokalamba wina aliyense wa pamsewu. Iwo anafuna ndinene kuti malemu. Apa ndinakana ine. Malemu ndi mawu aulemu, koma ine pakamwa panga sanazolowere, ndikawanena ndimaona ngati ndikunena za munthu amene sindinamuchapirepo malaya. Ndinati ndinena kawiri, kuti mng'ono wanu, alamu, bambo anu, ana inu. Aliyense amve wake. Onse awiri anangogwedeza mutu.

Povuta penipeni panali pa tsiku. Ndinati, "Tapangana kuti tichite Loweruka loyamba la Okutobala."

"Mwapangana ndi ndani?" anafunsa amama. "Funso limenelo ndi lomwe adzafunse alamu anu. Pamenepo ndi pomwe panathyoka mwendo poyamba paja. Nenani kuti tikuganiza zoti mwina mvula isanagwe."

"Mukanena choncho sipabwera munthu," anatero mwana wanga. "Tikuganiza, mwina, amenewo kwa ife ndiye kuti palibe chomwe chakonzeka. Munthu sangapite kwa bwana wake kukapempha tchuthi cha mwina. Tsiku litchulidwe."

"Ukatchula tsiku walamula."

"Mukapanda kutchula simunanene kanthu."

Anakokana choncho. Ine ndinkaganiza za mmene ndinkachitira ndi amuna anga ndikafuna kupita ku Dowa. Sindinkati ndipita Lachisanu, komanso sindinkati ndikufuna kudzapita tsiku lina. Ndinkati ndaona Lachisanu, inu mukuona bwanji. Tsiku linkamveka, chilolezo n'kukhala chawo. Ndinawauza awiriwo kuti ndinena chimodzimodzi. Nditchula tsiku ngati lomwe ndaliona ine, ndipereka chifukwa chake, ndiliika m'manja mwa alamu. Kenako nditembenukira kwa ana pomwepo, alamu akumva, n'kunena kuti bambo anu aakulu akangovomera, dziwani kuti lakhazikika, yambani kupempha kuntchito.

Mwana wanga anati zimenezo zigwira, bola pakhale malire, anthu ayankhe pofika Lachisanu. Amama anamuyang'ana ngati waponda mwanapiye.

"Munthu wa imvi sapatsidwa Lachisanu."

"Koma womanga akudikira, amama. Akapeza ntchito ina atithawa."

"Ndiye nenani za womangayo. Iyeyo ndiye akhale wofulumira, osati mayi ako."

Tinatero. Ndinati ndidzanena kuti womanga akupempha kuti timuuze sabata ino. Achinyamata amva kuti nthawi ndi yochepa, alamu samva kuti akuthamangitsidwa.

Amama anafuna mwambi. Anati uthenga wopita kwa akulu wopanda mwambi uli ngati ndiwo zopanda mchere, ndiikemo woti mutu umodzi susenza denga. Mwana wanga anaseka mpaka kutsamira khoma.

"Umenewo ayi. Pa gulupu munthu akangoyamba ndi mutu umodzi, tonse timadziwa kuti kukubwera nambala yotumizirako ndalama. Ena azimitsa pomwepo."

"Mwaononga mwambi wabwinobwino," anatero amama, koma nawonso ankaseka.

Ine sindinkapempha thandizo la mtundu umenewo, ndinkapempha anthu. Ndinati mwambi utsale, ndingonena kuti ndekha sindingathe ndipo sindikufuna kuchita ndekha. Amama anapempha kuti m'malo mwake ndiyambe ndi moni wa kwawo, monire, ndi kutsiriza ndi yewo, kuthokoza kwawo. Chitumbuka changa n'chothyokathyoka, amuna anga ankandiseka nacho zaka zonse, koma mawu awiriwo ndimawatha. Mwana wanga anati amenewo ngakhale obadwira ku Kawale amawadziwa.

Panatsala za kupepesa. Amama anati uthenga woyamba uja sungangodumphidwa ngati sunachitike, ndipepese bwinobwino, ndinene kuti mwana analakwa. Ndinaona mwana wanga akuyang'ana pansi. Ndi munthu wamkulu, ali ndi anyamata omwe amawaphunzitsa ntchito, ndipo asuweni ake onse akanamva mayi ake akumudzudzula pagulu. Akanapirira, koma anzakewo akanakhala kumbali yake, n'kuona ngati akuluakulu akukulitsa nkhani yaing'ono. Ndinati ndinena mwachidule, osamutchula, kuti mawu omwe anatsogola aja anathamanga, pepani, ana ndi anu. Amama anati n'zochepa koma zikwana ngati mawu anga amveka kuti akuchokera pansi pa mtima.

Tsopano ndinayesa kunena zonse pamodzi. Ulendo woyamba ndinathamanga poopa kutalikitsa, amama anati ndikumveka ngati kondakitala. Wachiwiri ndinafika pa mng'ono wanu, mawu anandithawa, ndinalira. Mwana wanga anati tisautumize umenewo, alongo ake akaumva adzidzimuka, ayamba kuimba foni kufunsa ngati ndikudwala, nkhani ya chiliza n'kuiwalika. Ndinamwa madzi. Wachitatu unatuluka wouma ngati ndikuwerenga.

Amama anaimirira n'kulowa m'nyumba mwanga osapempha, anatuluka ndi mphasa.

"Tsikani pampandopo. Alamu anu mumalankhula nawo mutakhala pamwamba?"

"Amama, foni ilibe maso," anatero mwana wanga.

"Ili ndi makutu. Iwe khala apo pomwe uli, mayi ako aziyang'ana iwe. Alamu akhale mpando uwu."

Anaika kampando kopanda munthu patsogolo panga. Ndinakonza chitenje, ndinakhala pamphasa miyendo kumbali, monga ndimakhalira kwa apongozi. Sindikudziwa kuti zimatheka bwanji, koma mawu anatsika okha, anayenda pang'onopang'ono osakoka. Polankhula kwa alamu ndinkayang'ana kampando kaja, polankhula kwa ana ndinkayang'ana mwana wanga. Ndimaukumbukira wonse, chifukwa ndinaumvera kambirimbiri pambuyo pake. Ndinati:

"Monire alamu, monire azakhali nonse. Odi kumeneko. Moni ana anga nonse, a kuno ndi a kutali. Ndine mayi wanu wa ku Area 25, ndabwera ndi nkhani ya chiliza. Chatha chaka chitisiyireni mng'ono wanu, alamu, bambo anu, ana inu. Mawu omwe anatsogola aja anathamanga, pepani, ana ndi anu. Ine tsiku lomwe ndaliona ndi Loweruka loyamba la Okutobala, chifukwa mvula idzakhala isanayambe ndipo kumunda kudzakhala kusanagwire. Koma ndaliika m'manja mwanu, alamu, mutiuze inu. Womanga akupempha kuti timuyankhe sabata ino. Ana inu, bambo anu aakulu akangovomera, dziwani kuti lakhazikika, yambani kupempha kuntchito. Ndikukufunani nonse. Ndekha sindingathe, ndipo sindikufuna kuchita ndekha. Nsalu ija ikudikira dzanja lanu, alamu. Yewo, zikomo."

Ndisanachotse chala, mwana wanga anatsika pampando, anagwada pafupi ndi foni nati, "Bambo aakulu, ndine mwana wanu wa ku Biwi. Pepani." Sitinapangane zimenezo. Amama anayang'ana kumbali n'kuyamba kukonza duku lawo.

Tinaumvera tonse. Mwana wanga anati ndi waufupi bwino, munthu angaumvere ali pa mzere wa minibasi. Anafuna kuuponya pa gulupu nthawi yomweyo, poti wina akawauza alamu kuti amvere.

"Apo ndiye mwabwerera pomwe munachoka," anatero amama. "Mkulu samvera limodzi ndi ana, ndipo samvera kwa ana. Upite kwa iwo okha kaye. Womwewu, osasintha kanthu."

Tinautumiza kwa alamu okha Lolemba m'mawa. Mwana wanga anandionetsa timizere tiwiri tosonyeza kuti wafika, kenako timizereto tinasintha mtundu, kusonyeza kuti aumvera. Yankho silinabwere tsiku limenelo, ngakhale lotsatira. Ndinkakazinga mandasi foni ili m'thumba la epuloni, ikangolira ndinkapukuta manja msangamsanga, n'kupeza ndi wofuna nyemba. Mwana wanga ankaimba madzulo aliwonse kufunsa. Ndinkamuuza kuti adikire, ngakhale ine ndemwe kudikirako kunkandiwawa. Ndinayamba kuganiza kuti mwina ndikhala ndi duku limeneli chaka china.

Alamu anaimba chapakati pa sabata, dzuwa likupendeka, ndikulongedza pa benchi. Anayamba ndi moni. Anafunsa za ine, za ana, za zidzukulu, za malonda. Ine ndinafunsa za mwendo, za akazi awo, za ng'ombe. Anandiuza kuti ina yabereka. Tinayenda choncho mpaka ndinayamba kuopa kuti mayunitsi awathera tisanafike. Kenako anakhosomola.

"Mlamu, mawu anu ndawamva."

"Yewo, alamu."

"Chitumbuka chanu sichinasinthe. Mng'ono wanga analephera ntchito pamenepo."

Ndinaseka, nawonso anaseka pang'ono.

"Tsiku lija," anatero, "Loweruka loyamba tili ndi msonkhano wa madoda kutchalitchi kuno. Tichite lachiwiri."

"Lachiwiri lili bwino, alamu."

"Mnyamatayo mumuuze andibwezere pa gulupu paja. Sindidziwa mmene amalowera. Uthengawo ndiuika ndekha."

Mwana wanga atamva anadandaula pang'ono kuti womanga anali atamuuza kale loyamba. Amama anati msonkhano wa madodawo mwina ulipodi, mwina palibe, koma munthu wamkulu ukamupatsa chinthu m'manja amayenera kuchigwedeza pang'ono kuti aone ngati wamupatsadi. Womanga sanavute.

Madzulo omwewo alamu anauika pa gulupu ya banja lonse, ndi mawu awo pansi pake oti mverani mayi wanu, koma tsiku ndi Loweruka lachiwiri. Mwana wanga anabwera kudzandiwerengera mayankho. Azakhali anayankha ndi mawu, aatali, ena akulira, ena akufunsa kuti adzagona kuti. Achinyamata anayankha mwachidule, tamva amayi, tibwera, ena anangoika kachithunzi ka manja opemphera. Wa ku Blantyre uja anati wapempha kale. Mtsikana amene anaponya uthenga woyamba uja analemba kuti iye ankaona ngati za chiliza ndi za akuluakulu, ana n'kungopita kukatsuka mbale, koma wamva kuti akufunidwa. Palibe anafunsa kuti amayi akutanthauza chiyani.

Tsikulo litayandikira, abale anabwera. Nyumba yanga ndi ya zipinda zitatu, ena anagona kwa amama, anyamata anagona kwa mwana wanga. Lachisanu lonse pabwalo panali phokoso, Chitumbuka, Chichewa ndi chilankhulo cha anawa zitasakanikirana, azakhali akufunsa kuti bho ndiye kuti chiyani, atsikana akuwaphunzitsa. Alamu anafika ndi basi ya masana, atavala jekete la mng'ono wawo lomwe anatenga pogawa zovala. Mwana wanga anakawatenga ku depoti. Zomwe anakambirana m'njira sindinafunse, koma analowa pageti mwana wanga atanyamula chikwama, alamu atamugwira paphewa chifukwa cha mwendo uja.

Kumanda kunatentha, Okutobala wa ku Lilongwe mumamudziwa. Abusa anapemphera mwachidule. Alamu analankhula, osati motalika, kenako anawerama n'kugwira nsonga ya nsalu. Anaitana mwana wanga kuti agwire nsonga inayo. Anaichotsa pamodzi. Ndinaona dzina la amuna anga pamwala, ndinaliwerenga ndekha, chifukwa limenelo ndimalidziwa chilembo chilichonse. Pambuyo pake alamu anayang'ana azilongo awo nati, "Muvuleni mlamu wathu, wakhala mokwanira." Anandizungulira ndi zitenje, anamasula duku lakuda, anandimanga lobiriwira lomwe anabwera nalo kuchokera ku Mzimba. Mphepo inandipita m'mutu pakanthawi kaja, ndinamva kupepuka.

Anthu atayamba kubwerera ku magalimoto, alamu anatsalira. Anayang'ana uku ndi uku, mizere ya manda, mitengo, msewu womwe uli chapatali. Ine ndinaima pambali kuwadikira.

"Mlamu," anatero, "ndikadzabwera ndekha, osavutitsa ana, kuchokera ku depoti ndikwere minibasi yolowera kuti?"

Ndinawauza, ndi poti adzatsikire. Anabwereza kawiri kuti asaiwale, kenako tinatsatira anzathu.